Kuphunzitsa ana a sukulu pa intaneti: kupeza ophunzira, kuika mtengo ndi kuphunzitsa netiweki ikamavuta

Kuyambira pa 23 Malichi 2020, pamene boma linatseka sukulu zonse m'dziko muno chifukwa cha mliri wa Covid-19, aphunzitsi ena anayamba kuphunzitsa ana kudzera pa lamya za m'manja ndi makina a kompyuta. Sukulu zinayamba kutsegulidwanso mu Sepitembala chaka chomwecho, koma mchitidwewu sunathe. Lero makolo ena apantchito amalipira mphunzitsi woti azithandiza mwana wawo madzulo kapena Loweruka popanda mwanayo kuchoka pakhomo.

Ntchitoyi kawirikawiri imasokonekera pa zinthu ziwiri. Choyamba, mphunzitsi amakonza phunziro poganizira lamya yake ndi netiweki ya kumene iye ali, kuiwala kuti phunzirolo liyenera kufika kwa mwana amene netiweki yake ndi yofooka kuposa onse. Chachiwiri, amaika mtengo powerengera ola lokhalo limene akulankhula, osawerengera nthawi ndi ndalama zina zimene phunzirolo limadya.

Pofuna kuti izi zimveke bwino, nkhani ino itsata chitsanzo chimodzi chongoyerekeza: mphunzitsi wa masamu amene akufuna kuphunzitsa ana asanu a Fomu 4 okonzekera mayeso a MSCE, omwe amalembetsa ndi bungwe la MANEB.

Kupeza ophunzira

Wophunzira ndi mwana, koma wolipira ndi kholo, ndipo nthawi zambiri lamya imene mwana adzaphunzirire ndi ya kholo lomwelo. N'chifukwa chake uthenga wofuna ophunzira uyenera kupita kumene makolo amakumana: m'magulu a pa WhatsApp a ogwira ntchito ofesi imodzi, a mpingo, a mzikiti kapena a anthu okhala dera limodzi. Pali magulu enanso awiri amene aphunzitsi ambiri amawaiwala. Loyamba ndi la anthu obwereza mayeso a MSCE, amene ena mwa iwo ali kale pantchito ndipo akungofuna kukonza phunziro limodzi kapena awiri. Lachiwiri ndi la Amalawi okhala kunja, monga ku South Africa ndi ku Britain, amene amalipirira ana a abale awo kumudzi kuno.

Uthengawo ukhale waufupi koma wotchula zinthu zenizeni. Mphunzitsi amene walemba kuti amaphunzitsa maphunziro onse kuyambira Sitandade 1 mpaka Fomu 4 amakayikitsa. Amene walemba kuti akuphunzitsa masamu a Fomu 4, Lachiwiri ndi Loweruka, ola limodzi, ana osaposa asanu, pa mtengo wakutiwakuti, ndipo chofunika ndi lamya yotsegula WhatsApp, wayankhiratu mafunso onse amene kholo likanafunsa.

Asanalandire ndalama iliyonse, mphunzitsi achite phunziro loyesera la mphindi makumi atatu, pa tsiku ndi ola lomwe maphunziro azidzachitika. Phunziro limeneli limagwira ntchito ziwiri. Mwana amapatsidwa mafunso khumi ochokera m'mitu yosiyanasiyana ya silabasi kuti zidziwike pamene akufooka. Komanso netiweki ya kunyumba kwa mwanayo imayesedwa pa nthawi yake yeniyeni, pakuti netiweki imene ikuyenda bwino m'mawa ikhoza kulemedwa madzulo anthu ambiri akaweruka.

Kholo nalo lili ndi zoyenera kuyang'ana. Lifunse mapepala a maphunziro a mphunzitsiyo ndi kholo lina limene lingamuchitire umboni. Likane mphunzitsi wolonjeza kuti mwana adzapeza mapointi akutiakuti, chifukwa palibe angalonjeze zimenezo moona. Lithawe kotheratu wolonjeza likasa. M'chaka cha 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa ali mkati mapepala ataululika, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, anachita kulembanso m'chaka cha 2021.

Kwa mphunzitsi amene ali pantchito ya boma, nkhani ya kupeza ophunzira ili ndi malire ake. Ana a m'kalasi mwake sayenera kukhala makasitomala ake, chifukwa makolo angaganize kuti akubisa zina m'kalasi kuti akazigulitse madzulo. Nthawi ya ntchito ndi katundu wa sukulu sizigwiritsidwa ntchito pa malonda a munthu, ndipo ndi bwino kufunsa mphunzitsi wamkulu zimene malamulo a ntchito akunena asanayambe. Popeza ophunzirawo ndi ana, kholo likhale m'gulu limene phunziro likuchitikira, ndipo mphunzitsi apewe kulemberana ndi mwana payekha usiku.

Kuika mtengo

Ziwerengero za ndalama zili m'munsizi ndi zongoyerekeza kuti kawerengedwe kaoneke. Aliyense aikepo mitengo ya tsiku limene akuwerenga.

Mphunzitsi wathu akuphunzitsa kawiri pa sabata, kutanthauza maphunziro 8 pa mwezi. Poyamba akuganiza zolipiritsa mwana aliyense K20,000 pa mwezi. Ana asanu ndiye kuti K100,000, ndipo akagawa ndi maola 8 akuona ngati akupeza K12,500 pa ola. Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza.

Phunziro la ola limodzi silidya ola limodzi. Kukonza pepala la mafunso ndi zitsanzo kumatenga mphindi 30. Kuchonga ntchito ya ana asanu, mphindi 9 pa mwana aliyense, kumatenga mphindi 45. Kukumbutsa ana, kuyankha makolo ndi kutumiza chidule cha phunziro kumatenganso mphindi 15. Zonse pamodzi ndi maola awiri ndi theka pa phunziro limodzi, kapena maola 20 pa mwezi.

Kenako pali ndalama zotuluka. Tiyerekeze kuti bandulo ya intaneti ndi mayunitsi oimbira zikudya K12,000 pa mwezi. Kutchaja, batire yapadera yosungira moto ndi kusungira ndalama yodzagulira lamya ina iyi ikadzatha zikudya K10,000. Mapepala a mayeso akale ndi zolembera K3,000, pamene ndalama yodulidwa potapa malipiro kwa maejenti a Airtel Money kapena TNM Mpamba ndi K5,000. Zonse zikukwana K30,000.

Tsopano tiyerekeze kuti mwana mmodzi wasiya, monga zimachitikira kawirikawiri pakati pa teremu. Zolowa zatsika kufika K80,000. Kuchotsa K30,000 kwatsala K50,000, pa ntchito ya maola pafupifupi 19. Mphunzitsi amene ankayesa kuti akupeza K12,500 pa ola akupeza ndalama yosafika K2,700. Zikatero amayamba kufupikitsa kukonzekera ndi kuchonga, ndipo woluza ndi mwana.

Kawerengedwe koyenera kamayambira kumapeto. Mphunzitsi anene kaye ndalama imene akufuna pa ola lililonse la ntchito yake, mwachitsanzo K5,000. Maola 20 ndi K100,000. Kuphatikiza K30,000 ya zotuluka ndi K130,000. Ndalamayi isagawidwe kwa ana asanu, koma kwa anayi, kuti wina akasiya ntchito isagwe. Mtengo ukhala K32,500 pa mwana pa mwezi, womwe ndi kungopitirira K4,000 pa phunziro limodzi.

Kawerengedwe komweka kamaonetsa chifukwa chake kuphunzitsa mwana mmodzi payekha kumadula. Kukonzekera sikuchepa ngakhale wophunzira ali mmodzi. Ntchito ya mwezi imakhala maola pafupifupi 14, omwe ndi K70,000, ndipo zotuluka zambiri zimagwera kholo limodzi. Mtengo umayandikira K100,000. Kholo lofuna kuti mwana wake aziphunzira yekha liyenera kudziwa kuti likulipira katatu mtengo wa m'gulu, ndipo kwa ana ambiri gulu la anayi kapena asanu limakwanira.

Malipiro aziperekedwa kumayambiriro kwa mwezi, ndipo uthenga wotsimikiza kuti ndalama yalowa usungidwe ngati lisiti. Mtengo ugwirizanidwe teremu ndi teremu osati chaka chonse. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo aliyense amene anamanga mtengo wa chaka chathunthu anakhala akugwira ntchito pa ndalama imene inali itachepa mphamvu.

Bandulo ya mwana ndi mbali ya mtengo

Pali ndalama ina imene siioneka pa mtengo wa mphunzitsi, koma kholo limaimva. Imeneyi ndi bandulo ya mwana, ndipo kukula kwake kumatengera mmene mphunzitsi wasankhira kuphunzitsa.

Malinga ndi ziwerengero zimene kampani ya Zoom imapereka, anthu awiri oonerana pa kamera amafuna liwiro la 600 kbps mbali iliyonse, yotumiza ndi yolandira. Mawu okha amafuna pakati pa 60 ndi 80 kbps, pamene kuonetsa tsamba la pa kompyuta popanda kamera kumafuna pakati pa 50 ndi 75 kbps.

Ziwerengerozi zikasinthidwa kukhala bandulo, kusiyana kumaoneka poyera. Ola limodzi la kamera limadya pafupifupi 270 MB potumiza ndi 270 MB polandira, pamodzi 540 MB. Maphunziro 8 ndiye kuti kupitirira 4 GB pa mwezi, ndipo pa gulu zimaposa apa. Ola la mawu ndi tsamba loonetsedwa, makamera onse atazimitsidwa, limadya pafupifupi 100 MB, ndipo mwezi wonse sufika 1 GB. Mwachidule, kuona nkhope ya mphunzitsi kumachulukitsa bandulo kasanu, chonsecho pa masamu mwana amafunika kuona mzere umene ukulembedwa, osati nkhope.

Mtundu wa bandulo nawo ndi wofunika. Bandulo yogulidwira WhatsApp yokha siitsegula Zoom kapena Google Meet, choncho mphunzitsi afunse kholo bandulo imene limagula asanasankhe njira. Adziwenso kuti Zoom yaulere imaduka pakatha mphindi 40, ndipo phunziro la ola limodzi liyenera kugawidwa pawiri. Pa WhatsApp pali posankha polembedwa kuti "Use less data for calls", pamene pamachepetsa bandulo yodyedwa poimba. Mphunzitsi amene walumikiza kompyuta ku lamya yake atsegule posankha pa "Metered connection" mu Windows, kuti kompyuta isayambe kukopera zinthu zake zikuluzikulu phunziro lili mkati.

Kuyesa netiweki

Timizere toonetsa mphamvu ya netiweki pa lamya timangonena kuti nsanja ili pafupi, koma sitinena kuti ndi anthu angati akuigwiritsa ntchito nthawi imeneyo. Njira yosavuta yoyesera ndi kuimbirana pa intaneti, mwana n'kuwerenga mokweza kuyambira 1 mpaka 30. Ngati manambala onse amveka, phunziro la mawu litheka. Ngati atatu kapena anayi asowa, mwanayo adzaphonyanso mawu ngati omwewo mphunzitsi akamafotokoza, ndipo pa masamu kuphonya liwu limodzi loti "kuchotsa" kumasintha yankho lonse.

Amene ali ndi kompyuta ya Windows akhoza kulemba lamulo ili pa Command Prompt:

```
ping -n 20 8.8.8.8
```

Lamuloli limatumiza timauthenga 20 ndi kuwerenga tobwerera. Pamapeto pamatuluka nambala ya totayika, polembedwa kuti "Lost", ndi nthawi imene timatenga kupita ndi kubwera, polembedwa kuti "Average". Kutayika kwa kamodzi kokha mwa 20 ndi 5 peresenti, ndipo kumayamba kumveka m'mawu. Nthawi ikapitirira 400ms, anthu amayamba kulankhula modukizana chifukwa aliyense amayesa kuti mnzake wamaliza.

Mphunzitsi ayese izi m'malo angapo a nyumba yake, makamaka pafupi ndi zenera, ndipo akapeza malo abwino asamasunthe lamya. Ndi bwinonso kukhala ndi makhadi a makampani onse awiri, Airtel ndi TNM, pakuti pamene imodzi yafooka inayo ikhoza kukhala ikugwira.

Kuphunzitsa netiweki ikamavuta

Chinsinsi cha phunziro lopirira netiweki yofooka ndi kutumiziratu zolemera. Dzulo lake, mphunzitsi atumize pepala limodzi lokhala ndi zitsanzo ndi mafunso, lolembedwa ndi cholembera chakuda pa pepala loyera ndi kujambulidwa powala. Mwana alikopera nthawi iliyonse imene netiweki yapezeka, ndipo alilembe m'kope mwake phunziro lisanayambe. Zikatero, pa nthawi ya phunziro chofunika kudutsa pa intaneti ndi mawu okha.

Mzere uliwonse wa pepalalo ukhale ndi nambala. M'kalasi mphunzitsi amaloza pa bolodi n'kunena kuti "apa", koma pa lamya mwana saona chala. Tiyerekeze kuti mutu wa tsikulo ndi kupeza manambala awiri osadziwika kuchokera m'mizere iwiri. Pepala lingalembedwe chonchi:

```
(1) 2x + y = 11
(2) x - y = 1
(3) 3x = 12
(4) x = 4
(5) 4 - y = 1
(6) y = 3
```

Mphunzitsi sanena kuti "tiphatikize izi", koma amanena kuti "phatikizani mzere woyamba ndi wachiwiri, mundiuze chimene chachitikira y". Netiweki ikaduka kwa theka la mphindi, mwana akabwerera amangofunsa mzere umene afika, ndipo palibe chobwereza kuchokera pachiyambi.

Kufunsa ana kuti "mwamva?" sikuthandiza, chifukwa chete wa mwana womvetsa, wa mwana wosokonezeka ndi wa mwana amene lamya yake yaduka amafanana. Mphindi zisanu zilizonse mphunzitsi atchule mwana mmodzi dzina ndi kumufunsa funso lofuna yankho lenileni, kapena ana onse alembe yankho pa gulu nthawi imodzi. Mwana akalemba kuti y ndi -3, mphunzitsi amadziwa pomwepo kuti wasochera pakati pa mzere wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi, poiwala kusintha chizindikiro. Amamuuza kuti aike -3 mu mzere woyamba, aone kuti 8 kuchotsa 3 ndi 5 osati 11, ndipo mwanayo amadzipezera yekha cholakwa.

Ola lingagawidwe motere: mphindi 10 zokonza ntchito yapitayo, mphindi 20 za chitsanzo chatsopano, mphindi 20 zoti ana awerengere okha m'makope, ndi mphindi 10 zoona mayankho. M'mphindi 20 zowerengera okha zija palibe chifukwa chokhalira pa lamya. Onse adule, aliyense ajambule ntchito yake ndi kuitumiza, kenako aimbiranenso. Bandulo imapulumuka, batire nayo imapuma.

Vuto likabwera, kamvekedwe kake kamaonetsa gwero. Mawu akamaduka kwa ana onse nthawi imodzi, vuto lili kwa mphunzitsi, makamaka pa mbali yotumiza, imene pa netiweki ya lamya imakhala yochepa mphamvu poyerekeza ndi yolandira. Akamadandaula mwana mmodzi, vuto lili kwa iyeyo, ndipo gulu lonse lisaime. Mphunzitsi akamamva mawu ake omwe akubwerera, netiweki ilibe mlandu: pali mwana amene watsegula sipika, ndipo mankhwala ake ndi zomvera za m'makutu kapena kutseka maikolofoni pamene sakulankhula.

Mphunzitsi ndi ana agwirizaniretu masitepe otsikira, kuti pasakhale kufunsana zochita. Sitepe yoyamba ndi mawu pamodzi ndi tsamba loonetsedwa. Ikavuta kwa mphindi ziwiri, tsamba lichotsedwe patsale mawu ndi pepala lija. Mawu akavutanso, phunziro lisamukire ku mauthenga a mawu ojambulidwa, lililonse losaposa mphindi imodzi ndipo loyamba ndi nambala ya mzere. Ubwino wa mauthenga otere ndi woti amadikira mu lamya ndi kupita okha netiweki ikabwerera, ndipo mwana akhoza kuwamvera kangapo. Sitepe yotsiriza ndi kuimba lamya wamba ya mayunitsi kwa mwana amene watsalira, pakuti kuimba kotere kumatheka m'malo ambiri amene intaneti siigwira.

Magetsi nawo ayenera kuwerengeredwa. Lamya ndi batire yapadera zikhale zodzaza ola limodzi phunziro lisanayambe, mbali zonse ziwiri, ndipo mwana akhale ndi nyali yowerengera. Kumene lamya ndi ya kholo lomwe limafika mochedwa, phunziro limodzi mwa awiriwo liikidwe Loweruka m'mawa, pamene lamya ili pakhomo ndipo kunja kukuwala.

Mgwirizano wa phunziro loduka

Mikangano yambiri pakati pa makolo ndi aphunzitsi imabuka pa funso loti alipire ndani phunziro likaduka. Yankho lilembedwe ndalama yoyamba isanaperekedwe. Njira yachilungamo ndi yoti vuto likakhala kwa mphunzitsi ndipo mphindi zoposa 15 zatayika, phunzirolo libwerezedwe popanda malipiro ena sabata yomweyo. Vuto likakhala kwa mwana, ndalama siibwezedwa, koma mwanayo alandire chidule cha mawu ndi chithunzi cha mayankho tsiku lomwelo, ndipo ntchito yake ichongedwe monga ya anzake.

Pakutha pa mwezi, mphunzitsi abwereze mafunso ofanana ndi khumi aja a phunziro loyesera, ndi kutumizira kholo zotsatira pamodzi ndi chiwerengero cha maphunziro amene anachitika mokwanira. Ngati mwa maphunziro 8 atatu kapena kuposa anathera pa mauthenga ojambulidwa, ola la phunziro kapena khadi ya lamya zisinthidwe kholo lisanalipire mwezi wotsatira.